Kotala la Piritsi ndi Mawu Anayi a Chitaliyana

Mwana wanga anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri pamene adotolo a ku Italiya anabwera ku chipatala cha mishoni kwathu kuno ku Chifunde ndi kamakina koonera mtima. Anali mayi wamtali, wa tsitsi lodula ngati mwamuna. Anamugoneka mwana pa kama, anamupaka mafuta ozizira pachifuwa, ine nditamugwira timiyendo, ndipo pagalasi panaoneka chinthu chotuwa chikutseguka ndi kutseka. Adotolo analoza ndi chala. Amene anandimasulira ndi Airima, sisitere wachikulire wa ku Italiya komweko, amene wakhala pa mishoni kuyambira ine ndisanabadwe ndipo Chinyanja amalankhula ngati wa pamudzi. Anati mtima wa mwana uli ndi bowo pakhoma la pakati, n'chifukwa chake amapuma ngati wathamanga, amatuluka thukuta akamadya, ndipo sakukula. Anati bowolo limasokedwa, komanso pali bungwe la kwawo limene limatenga ana ochepa chaka chilichonse kukawasoka kumeneko. Chaka chimenecho anasankha ana awiri, wanga ndi mwana wa mayi wina wa ku Nsadzo.

Ndinagwada kuthokoza, koma Airima anati ndidzuke, sanamalize.

Kumeneko, iwo anati, kulibe womasulira wa Chinyanja. Mayi amakhala ndi mwana m'chipinda cha odwala, anamwino akamufunsa ayenera kumva ndi kuyankha, ndipo mwana akasintha ayenera kudziwa kuitana. Choncho adzatiphunzitsa Chitaliyana milungu isanu ndi umodzi, katatu pa mlungu. Pamapeto adotolo adzaimba telefoni ya kanema n'kulankhula ndi mayi aliyense payekha. Amene angakwanitse adzapita ndi mwana wake. Amene sangakwanitse, mwana adzapita ndi namwino wa pa mishoni, mayi adzadikira kumudzi miyezi iwiri.

Miyezi iwiri. Mwana amene sanagonepo osagwira khutu langa.

Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi. Ndinkayang'ana chilichonse, nkhope ya Airima, cholembera chawo, mmene namwino uja ankamuyang'anira mwana wanga. Tsiku lina anamunyamula n'kumuseweretsa, ine ndinaganiza kuti akumuzolowetsa kale.

Ndiyenera kufotokoza za sukulu yanga, chifukwa vuto linachokera pamenepo. Makolo anga anathawira ku Zambia nthawi ya nkhondo ndipo anachedwa kubwerera. Ine ndinabadwira tsidya linalo la malire a Cassacatiza, ndinaphunzira komweko mpaka giredi 7, mu Chingelezi. Tinabwerera kuno ndili namwali. Chipwitikizi changa chinali cha pamsika, moni, mitengo ya zinthu, inde ndi ayi. Kuno munthu wosamva Chipwitikizi amamuyesa wosaphunzira, ndiye ine ndinazolowera kugwedeza mutu. Munthu wa mu ofesi akalankhula, ndinkati "sim," kutanthauza inde, n'kutuluka.

Tsiku loyamba tinakhala pakhonde la kuseri kwa chipatala, pa benchi, ana ali pa mphasa. Airima anapatsa mayi wa ku Nsadzo uja mapepala a Chipwitikizi ndi Chitaliyana. Ine ataona kuti ndikungowatembenuza, analowa m'nyumba n'kubwera ndi kabuku kakang'ono, kosiyidwa ndi mlendo wina, ka Chingelezi ndi Chitaliyana. Ndinasangalala. Chingelezi chake ndinkachidziwa.

Mayi wa ku Nsadzoyo anali wamkulu kwa ine ndi zaka mwina khumi, wa ana anayi, wa pakamwa posatseka. Ine ndinkamuti mana, kutanthauza achemwali mu Chipwitikizi, iye ankanditi "wa ku Zambia."

"Wa ku Zambia wapatsidwa buku lenileni," anatero tsiku limenelo. "Ife a mapepala tizikufunsani inu aprofesora."

Milungu yoyamba zinayenda bwino. Tinaphunzira mayina a zinthu: acqua ndi madzi, febbre ndi kutentha thupi, dolore ndi ululu, cuore ndi mtima. Ndinkaloweza ndikupita kumjigo, ndikusenda chinangwa, ndili pa njinga kumbuyo kwa bambo a mwana. Mayina a zinthu alibe vuto, chinthu chimodzi dzina limodzi. Ndinkamuposa ngakhale mana, ndipo ndinkaona Airima akulemba kanthu m'kaderno, kope lawo lolembamo, ndikayankha bwino.

Mlungu wachitatu tinafika pa mawu a zochita. Ndinatsegula kabuku kanga pa mawu akuti know, kudziwa, ndinapeza alemba awiri pa mzere umodzi: sapere, conoscere. Pa mawu akuti ask analembanso awiri: chiedere, domandare. Pakati panali kachizindikiro kopumira basi, palibe chofotokoza. Airima anangonena mwachangu kuti zili ngati mu Chipwitikizi, saber ndi conhecer, pedir ndi perguntar. Mana anagwedeza mutu chifukwa kwa iye zinali zapafupi. Inenso ndinagwedeza mutu.

Kunyumba ndinaganiza ndekha. Ndinati ngati Chingelezi chili ndi liwu limodzi, ndiye awiriwa ndi amodzi, monga ife timanenera kulankhula ndi kuyankhula. Mutu wanga unali utadzaza kale, ndiye ndinati ndisankhe limodzi pa mzere uliwonse, linalo ndilitaye. Sapere ankandivuta chifukwa amasinthasintha, ine ndi so, iwe ndi sai, iye ndi sa, timawu tating'ono tosagwirika. Koma conosco wa conoscere ankadzaza m'kamwa. Ndinasankha conoscere. Pa mzere wachiwiri ndinasankha domandare chifukwa ndi lalitali ndipo linkamveka laulemu.

Lachisanu la mlungu wachinayi Airima anabwera atavala chovala choyera cha anamwino pamwamba pa zawo. Ndi mmene ankaphunzitsira: ankasanduka namwino wa kumeneko, wachangu, wosamwetulira, ndipo akavala chovalacho Chinyanja ankachisiya. Anatiuza kuti aliyense atulutse kaenvulopu ka mankhwala a mwana wake. Ana onse awiri ankamwa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi kuti mtima upepukidwe, oyera, ang'onoang'ono, ochita kuduladula.

Anayamba ndi mana. "Sai quante volte al giorno?" Kutanthauza kuti, ukudziwa kuti ndi kangati patsiku?

"Sì, lo so," anatero mana. "Due volte. Mattina e sera." Inde, ndikudziwa, kawiri, m'mawa ndi madzulo.

Anatembenukira kwa ine ndi funso lomwelo. Ine ndinakweza kaenvulopu kanga n'kunena molimba mtima, "Sì. Conosco la medicina."

Airima anaseka mpaka anavula magalasi. Anabwerera ku Chinyanja.

"Mwana wanga, wandiuza kuti iwe ndi mankhwalawa munaonanapo. Munapatsana moni. Kaya kwawo ali bwanji?"

Mana anagwira m'mimba ndi kuseka. Inenso ndinaseka pang'ono, koma maso anga anali pa kaderno.

Kenako Airima anafotokoza bwinobwino, ndipo ndimakumbukabe mpaka lero. Anati conoscere ndi kudziwa munthu, malo, kapena chinthu chimene unakumana nacho, unachiona, ukhoza kuchizindikira pakati pa zina. Conosco il dottore, adotolo ndimawadziwa. Conosco Tete, ku Tete ndimakudziwa. Koma sapere ndi kukhala nayo nkhani m'mutu, kuti ndi liti, ndi kuti, ndi kangati, kapena kutha kuchita chinthu ndi manja ako. So dov'è il bagno, ndikudziwa kumene kuli chimbudzi. So cucinare, ndimatha kuphika. Ndipo ukapanda kudziwa umati non lo so. Anati Chinyanja ndi Chingelezi pamenepa ndi mapasa, zonse zili ndi liwu limodzi, ndiye mlandu si wanga, ndi wa kabuku.

"Tibwereze," anatero, n'kuvalanso magalasi. "Sindinakufunse ngati umawazindikira. Sai quante volte al giorno?"

Mawu anali atagawika pawiri ndipo ine ndinali ndi mbali imodzi yokha. Mapiritsiwo ndinkawadziwadi, kuyera kwake, kuwawa kwake, kamzere ka pakati, mmene amaphwanyikira ukawadula ndi lezala. Koma kangati patsiku, sindinkadziwa. Ndikanatha kungobwereza zimene mana ananena, koma mwana wake anali wamkulu kuposa wanga, ndipo ndinaopa kuti mwina wanga ndi zosiyana.

Ndinatsitsa kaenvulopu kanga. Mana anasiya kuseka.

"Umamupatsa liti?" Airima anafunsa mu Chinyanja, pang'onopang'ono.

Ndinati ndimamupatsa akayamba kubanika. Akakhala bwino ndimasunga, chifukwa chipatala chili kutali ndipo mankhwala sumwetsa munthu amene sakudwala. Kwathu tonse timatero. Mutu ukapweteka umamwa, ukasiya umasunga.

Airima anatenga kaenvulopu n'kukhuthula mapiritsi pa chikuto cha kaderno. Anawerenga ndi chala. Ndinali nditalandira khumi ndi asanu milungu itatu yapitayo, ndipo anayenera kutsala anayi kapena asanu. Anatsala khumi ndi awiri. Anandionetsa zolembedwa pa envulopu, mu Chipwitikizi chofupikitsa, kotala la piritsi, kawiri patsiku. Tsiku lililonse, kaya wabanika kaya sanabanike.

"Pawindo la mankhwala sanakuuze?"

Ndinati anandiuza, mu Chipwitikizi, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga, ndipo atandifunsa ngati ndamva ndinati sim.

"Nanga ine? Mwezi watha ndinakufunsa."

"Munandifunsa ngati mankhwala ndikuwadziwa, Airima. Ndinati ndikuwadziwa."

Airima anayang'ananso mapiritsi aja. Kenako anati nawonso analakwa kufunsa motero, ndipo ayamba kufunsa amayi onse mwa njira ina. Koma sanathere pamenepo. Anati mwana akasokedwa mtima mankhwala sakhala amodzi, amakhala angapo, aliwonse ndi nthawi yake, ndipo mayi amene amati inde asakudziwa ndi woopsa kuposa mayi amene palibe. Anati lero sangalembere adotolo kuti ndakonzeka. Anatseka kaderno.

Ndinamunyamula mwana ndipo ndinamva kamtima kake kakugunda pachifuwa changa, mwachangu ngati ka mbalame, ndinaganiza za masiku onse amene ndinamumana mankhwala ndikuyesa ndikusamala.

Tsiku lomwelo Airima analamula kuti ndisabwerere kumudzi. Ndikhale m'nyumba ya amayi odikira pa mishoni milungu iwiri yotsalayo, ndipo m'mawa ndi madzulo ndizidula piritsi pamaso pa namwino. Bambo a mwana anandibweretsera ufa ndi kapulana, nsalu ya chitenje, yosinthira. Nditawauza zonse anati anthuwa atichitira zazikulu kale, ngati anena kuti apite namwino, tisachite mwano. Sanalankhule mokalipa. Ankaopa kuti ndikakangana nawo mwana amuchotsa pa mndandanda.

Lolemba mana anafika msanga, anandipeza ndikuchapa kuseri kwa thanki ya madzi.

"Wa ku Zambia, bwera ndi buku lakolo. Safunsa anadya phula, iwe wadya chisa chonse."

Tinakhala pa mwala. Ndinamuonetsa mzere wachiwiri uja ndipo ndinamuuza kuti ndinasankha domandare. Anayang'ana pa mapepala ake.

"Domandare ndi perguntar. Chiedere ndi pedir."

"Mana, Chipwitikizi chimenecho ndi chimene chinandigwetsa. Ndiuzeni m'Chinyanja."

"Perguntar ndi kufunsa. Pedir ndi kupempha. Basi."

Ndinamuyang'ana. Kufunsa ndi kupempha, mawu amene mwana wanga wa zaka ziwiri anali atayamba kale kuwasiyanitsa. Chilankhulo changa chinali nawo onse awiri, koma ine ndinadutsira ku Chingelezi kumene ask amanyamula zonse, ndipo ndinakafika ku Chitaliyana nditataya limodzi panjira.

"Unazungulira ku Lusaka kupita kumunda wa kuseri kwa nyumba," anatero mana.

Airima atabwera anawonjezera. Anati ana a sukulu kwawo amauzidwa kuti chiedere per avere, domandare per sapere, umapempha kuti upatsidwe, umafunsa kuti udziwe. Koma anati anthu polankhula satsata zimenezo kwenikweni. Chiedere amalima minda yonse iwiri, ukhoza kufunsira njira, ukhozanso kupemphera madzi. Domandare amakonda munda wa mafunso. "Ukasokonezeka gwira chiedere, sungalakwe," anatero.

Mawu ndinawamva. Koma kuwamva ndi kwina. Chimene ndinkafuna chinali kupempha kuti ndipite ndi mwana wanga, ndipo kwathu munthu amene wakupatsa chachikulu sumupemphanso china pamaso. Umatuma munthu. Ngakhale ukwati wanga sindinadzipemphere ndekha. Ndiye ndinamutuma mana.

Anapita, ndipo sanachedwe.

"Akuti pakamwa uli napo. Akutinso ku Italiya kulibe ankhoswe."

"Munanena bwino koma, mana?"

"Ndinanena mpaka ndinatsala pang'ono kulira, ine amene sindinalire ngakhale pa maliro a apongozi."

Ndiye ndinayesa njira ina imene timachita, yofunsa mozungulira kuti wamkulu amve yekha chimene ukufuna. Lachitatu titamaliza ndinatsalira. Ndinati, "Posso domandare?" Ndingafunse? Airima anati funsa. Ndinafunsa kuti mu ndege mwana amamunyamula ndani. Anati amene wapita naye. Ndinafunsa ngati namwino amagona chipinda chimodzi ndi mwana. Anati inde, pa kama wa pambali. Ndinafunsa ngati namwino akudziwa kuti mwanayu sagona osagwira khutu. Anati ndikhoza kumuuza. Funso lililonse analiyankha ndendende n'kusiya, ngati munthu woyeza mchere ndi supuni. Ndinaima pamenepo manja ali kumbuyo, mafunso atandithera.

"Pali china?"

"Ayi, Airima."

Ndikutembenuka anandiitana.

"Mwana wanga, ndakhala kuno nthawi yaitali, ndikumva zimene ukunena kuseri kwa mafunso akowa. Koma amene adzagamule ndi adotolo, ndipo kumeneko anamwino amathamanga. Ukadzafunsa kuti kodi adotolo alipo, adzakuyankha kuti alipo, n'kupitirira. Mwana akabanika sufunsa ngati alipo. Umanena kuti ukuwafuna."

Masiku otsatira ndinkadula piritsi pakati, kenako theka lililonse pakatinso, namwino akuyang'ana. Kotala m'mawa, kotala madzulo, ndikusungunula pa supuni. Patapita masiku asanu mwana anayamba kumaliza phala osapumira pakati. Kutupa kwa m'zikope kunatha. Tsiku lina anayenda yekha kuchoka pakhonde mpaka pa thanki, akuthamangitsa nkhuku. Ndinasangalala ndipo ndinachita manyazi nthawi imodzi, chifukwa aliyense ankaona kusiyana kwake ndipo ankadziwa chifukwa chake.

Ndinagawa tsamba la kaderno kanga pawiri. Mbali ina ndinalemba so, mbali ina conosco. Chilichonse chimene ndinkati ndimachidziwa ndinkachifunsa kuti chipite mbali iti. Dzina la mankhwala, so. Kulemera kwa mwana, so, makilo khumi. Namwino, conosco. Njira ya ku Nsadzo, conosco. Kupalasa njinga, so. Ndinapeza zinthu zambiri zimene ndinkayesa ndimazidziwa zilibe kolowa mbali ya so. Chifukwa chake mapiritsiwo amamukodzetsa mwana pafupipafupi, sindinkadziwa. Chochita akasanza atangomwa, sindinkadziwa. Ndinayamba kupita kwa namwino ndi mafunso amenewo, ndipo ankayankha bwino, ngakhale ndinkamuopabe chifukwa ndi amene akanatenga malo anga.

Tsiku la telefoni linali Lachisanu masana, dzuwa likuwotcha. Pa mishoni netiweki imagwira bwino malo amodzi okha, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mpanda, ndiye anaika tebulo pamenepo n'kutsamiritsa telefoni pa botolo la madzi. Airima anatiuza kuti iwo akhala pambali, sadzamasulira, sadzathandiza. Anatikumbutsa kuti adotolo adzatilankhula mwaulemu, ngati ife timanenera inu, ndiye sadzati sai koma sa, sadzati conosci koma conosce.

Mana anayamba. Ndinaima patali mwana ali kumbuyo, ndikumva kuseka. Anabwera akudzikupiza ndi nsonga ya kapulana.

"Pita, sakuluma. Koma usakawauze kuti munaonanapo ndi mankhwala."

Ndinakhala pa mpando, mwana pamiyendo. Nkhope ya adotolo inali yaing'ono pagalasi, kumbuyo kwawo kuli khoma loyera. Anandipatsa moni, anamubayibitsa mwana, ndipo anayamba.

"Sa quante volte al giorno prende la medicina?"

"Sì, lo so. Un quarto, mattina e sera." Kotala, m'mawa ndi madzulo.

Anafunsa kulemera kwa mwana, ndinayankha. Anafunsa ngati akudya, ndinati mangia bene, akudya bwino. Mawu ankatuluka koma mpweya unkandithera, ndinkapuma ngati mwana wangayo.

"Conosce qualcuno in Italia?" Kodi pali amene mumamudziwa ku Italiya?

Ndinaganiza. Munthu, ndiye conosco. "Conosco Lei," ndinatero. Ndimadziwa inuyo. Adotolo anaseka, anati bene, chabwino.

Kenako anafunsa chimene sitinaphunzire. "Sa contare i respiri?"

Contare ndinalimva, kuwerenga. Respiri ndinalimva, mapumidwe. Ankafunsa ngati ndimatha kuwerenga kapumidwe ka mwana. Sindinkadziwa n'komwe kuti kupuma kumawerengedwa. Ndinamva mutu wanga ukuyamba kale kugwedezeka wokha, ndipo sì anali atafika pa lilime. Ndinaganiza kuti ndikati ayi ndagwa, namwino apita. Ndinayang'ana kwa Airima, iwo ankayang'ana nyerere pa tebulo.

"No," ndinatero. "Non so contare i respiri."

Adotolo analemba kanthu. Ndinaona dzanja lawo likuyenda pansi pa galasi, ndipo mantha anandikankha kulankhula asanandifunse.

"Ma conosco mia figlia." Koma mwana wanga ndimamudziwa.

Anakweza maso n'kunena mawu amene ndinamva kuti akufuna ndipitirize. Chitaliyana changa chinali chitatsala pang'ono, ndiye ndinagwiritsa ntchito manja. Ndinamutembenuza mwana kuti ayang'ane telefoni. Ndinaloza mphuno, naso, n'kutsegula ndi kutseka zala kusonyeza mmene timphuno timatambasukira akayamba kubanika. Ndinaloza kadzenje ka pansi pa khosi, collo, n'kukanikiza chala kusonyeza mmene kamalowera m'kati. Ndinati non mangia, sadya. Ndinayesa kumugoneka chagada n'kugwedeza mutu, kusonyeza kuti masiku oipa amakana kugona, amafuna kukhala tsonga. Mwana anakwiya n'kundimenya pa chibwano. Adotolo ankagwedeza mutu ndipo ankalembabe.

Pomaliza anati, "Ha domande?" Muli ndi mafunso?

Mafunso ndinali nawo atatu, oloweza bwino, aulemu, za kuzizira kwa kumeneko, za chakudya, za tsiku lonyamuka. Akanandiyankha onse atatu, tikanatsanzikana bwino, telefoni ikanazima. M'mutu ndinamva mawu a bambo a mwana akuti tisachite mwano.

"Non ho domande," ndinatero. Ndilibe mafunso. "Chiedo una cosa." Ndikupempha chinthu chimodzi.

"Prego." Nenani.

"Chiedo di venire con mia figlia." Ndikupempha kubwera ndi mwana wanga. Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira, mpaka amayi amene anali pamzere wa sikelo anatembenuka. Poti ndinali nditayamba kale, ndinawonjezera. "E chiedo di imparare a contare." Ndipo ndikupempha kuphunzira kuwerengako.

Adotolo sanandiyankhe ine. Anaitana Airima, ndipo Airima anatenga telefoni n'kuyamba kulankhula nawo mwachangu, akuyenda chauko ndi chauko pansi pa mtengo. Ndinatchera khutu koma Chitaliyana cha eni ake chimathamanga ngati madzi a mumtsinje wodzaza. Ndinangotola timawu, mamma, medicina, sa, non sa. Amayi, mankhwala, akudziwa, sakudziwa. Ndinamva akutchula milungu itatu ndipo ndinadziwa kuti akuwauza za mapiritsi khumi ndi awiri aja, sanabise. Mana anabwera n'kuima kumbuyo kwanga, anaika dzanja pa phewa langa.

Telefoni inazima. Airima anaiika m'thumba, anavula wotchi ya pamkono, yokhala ndi kamuvi kothamanga, n'kuiika pa tebulo.

"Yala kapulana apa. Mugoneke, akhale phee."

Ndinayala kapulana. Sindinayerekeze kufunsa.

"Adotolo akuti usakwere ndege usanadziwe kuwerenga kapumidwe. Akuti akakuyesa okha tsiku lofika."

"Ndege, Airima?"

"Ndege. Lolemba inu awiri mupita ku Tete kukajambulitsa za pasipoti. Ndipo ukhalabe kuno mpaka tsiku lonyamuka, piritsi uzidulabe pamaso pa namwino. Tsopano leka kulira, ukumudzidzimutsa mwana, apuma mwachangu ndipo tiwerenga zabodza."

Mana ndi amene analira mokweza, mpaka Airima anamuthamangitsa kuti akalirire kuseri kwa thanki.

Tinadikira mwana akhazikike. Airima anandionetsa kuti ndiziyang'ana pamimba, kukwera ndi kutsika ndi kamodzi, ndiyambe kamuvi kakafika pamwamba, ndisiye kakabwereranso pamwamba. Ndinawerenga chamumtima, diso lina pa wotchi, lina pamimba pa mwana. Kamuvi katazungulira ndinati makumi anayi ndi chimodzi.

"Ine ndapeza makumi atatu ndi zinayi," anatero Airima. "Wawerenganso ndi kupuma kwako. Bwereza."